Kalata Yochokera ku Chigwa cha Kabaw

Mutu 14

Mvula inali italeka m'chigwa cha Kabaw pamene Lansi Kopolo Yohane anakabwereka pensulo kwa kalaliki wa kampani. Linali tsiku la 27 Novembala 1944. Asilikali a Keyala ochokera ku Nyasaland, a bataliyoni ya 22, anali m'maenje pafupi ndi Kalemyo, tauni imene Ajapani anachokamo masabata awiri m'mbuyomo. Kum'mawa, kuseri kwa mapiri, kunali Kalewa ndi mtsinje wa Chindwin, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndiko akulowera.

Kalata iliyonse ya msilikali inkayamba yawerengedwa ndi bwana wachizungu, amene ankafufuta mayina onse a malo. Koma Dausi, Myao wa ku Zomba amene anaphwanyika mkono, ankanyamuka m'mawa mwake pa kandege konyamula ovulala, ndipo analonjeza kubisa mapepalawo m'nsapato mpaka akawaponye ku positi akafika kwawo. Choncho Yohane akanatha kulemba chilichonse. Chimene chinamumanga dzanja chinali china. Ankadziwa mmene kalata imawerengedwera kwawo ku Dedza: aphunzitsi amaimirira pansi pa mkuyu, mudzi wonse uli chete, amayi ake kutsogolo, mkazi wake ataitanidwa kuchokera kwawo kutsidya kwa dambo. Pakati pa anthuwo padzakhalanso amake a Binisoni, mnzake wa kuubusa, amene iye anamukwirira ndi kafosholo kakafupi masabata atatu apitawo, m'mbali mwa msewu wochokera ku Tamu.

Ananyowetsa nsonga ya pensulo ndi lilime, nayamba.

*

Kwa Amayi, Atsibweni, Nabanda, ndi nonse a pamudzi,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wanu. Ngati inu muli bwino, ine ndakondwa. Kunena ine kuno ndili bwino kwambiri, ndanenepa, moti mutakumana nane pa msika mukhoza kundipitirira. Aphunzitsi, zikomo pondiwerengera. Mukaona zilembo zina zitakhota musandiseke kuti ndaiwala zimene munandiphunzitsa. Ndikulembera pa bondo, ndiponso masiku ano kukuzizira, dzanja silikhazikika.

Kalata yanu ya mu Juni inandipeza mu Seputembala. Inafika itanyowa, ndinachita kuyanika pachifuwa, koma mawu onse ndinawamva. Ndaiwerenga mpaka yang'ambika m'mapindo. Amayi, mwati ndizidya. Ndikudya.

Atsibweni, munafunsa kuti Burma ali kuti ndipo munthu angayende masiku angati. Kuno sikuyendeka wapansi ngati ku Halale. Chaka chatha tinakwera sitima yapamadzi ku Mombasa n'kutsikira pa chilumba cha Ceylon, kumene tinakhala miyezi yambiri tikuphunzira kuyenda m'nkhalango. Ngati munamva mbiri yoti sitima ina yochokera ku Mombasa inamizidwa ndi asilikali ambiri, ndi zoona, zinachitika mu Febuluwale chaka chino, koma munali anzathu owomba mizinga, ife tinali kale pamtunda. Ine madzi a m'nyanja sanandikhudze ngakhale chala. Kuchoka ku Ceylon tinakweranso sitima mpaka ku India, kenako njanji mpaka pamene njanji yathu inathera, pa Dimapur. Pamenepo tinakwera malole, kukwera mapiri tsiku lonse, msewu wokhotakhota, phompho lili pambali. Anzanga ambiri anasanza. Ine ndinangotseka maso kuti fumbi lisalowe.

Tinadutsa pa Kohima, pamene Amwenye ndi Azungu analimbana ndi Ajapani kuyambira Epulo mpaka Juni. Mitengo ya pamenepo ilibe nthambi, yangotsala mathunthu ong'ambika. Ndinaganiza za inu Amayi, kuti nkhuni za pamenepo simukanavutika nazo. Kenako Imphal, kenako Tamu, pakhomo penipeni pa Burma. Ku Tamu sitinakhalitse. Ajapani ambiri amene ankathawa anathera m'mudzimo ndi njala ndi matenda, ndiye mabwana analamula kuti autenthe. Tinadutsa titamanga nsalu pamphuno, tikuimba.

Chigwa chimene tili chimatchedwa Kabaw. Ndi chachitali, mapiri uku ndi uku, pakati nkhalango ya mitengo ya tiki, yowongoka, yamasamba aakulu. Tinalowamo mu Ogasiti, mvula ili pachimake. Akuti asilikali ena amadikira kuti mvula ithe ndipo amenyane, koma akuluakulu anati ife a ku Africa ndife olimba, tipite pomwepo. Mwaona ulemu umene atipatsa. Tili limodzi ndi a ku Tanganyika ndi a ku Uganda, ndipo m'magulu ena muli a ku Kenya ndi a ku Northern Rhodesia, amene ena mwa iwo amalankhula ngati ife. Ukamva munthu akutukwana nyulu m'chinenero chathu pakati pa nkhalango ino, mtima umakhala pansi.

Mvula ya kuno, Amayi, si yoti munthu n'kuusa pakhonde kudikira kuti ikate. Inkagwa usana ndi usiku. Msewu unasanduka phala, malole n'kumira mpaka m'mimba. Ntchito yathu inali kudula mitengo n'kumaiyala mopingasa, umodzi pambali pa unzake, kuti magalimoto adutsepo. Tikayala lero, mawa yamira, tiyalenso ina pamwamba. Zovala sizinkauma. Mapazi ankayera n'kumasupuka, ndiye Sajeni ankatiyendera madzulo kuona ngati tapaka ufa wa mankhwala pakati pa zala. Walira mvula walira matope, koma ife sitinailire, inangotipeza. Tsopano yatha, kunja kwayera, ndipo nsapato zanga zauma koyamba chilowereni muno.

Chakudya chathu chimagwa kuchokera kumwamba. Musaseke, Atsibweni, ndi zoona. Popeza msewu unafa, ndege zotchedwa Dakota ndizo zimatidyetsa. Timalambula bwalo m'nkhalango, n'kuyalapo nsalu zachizindikiro, n'kufukiza utsi. Ndege imabwera motsika, ikuzungulira, anthu ali pakhomo pake akukankha katundu ndi miyendo. Mabokosi a zitini ndi zipolopolo amatsika pang'onopang'ono atamangiriridwa ku chinsalu chachikulu chimene chimatambasuka m'mwamba. Koma matumba a mpunga amangowaponya opanda chinsalu, thumba lili m'kati mwa thumba linzake kuti lam'kati likaphulika mpunga usamwazike. Amenewo ndiwo ofunika kuwathawa. Tsiku lina thumba linagwera nyulu, sinadzukenso. Usiku umenewo a ku Uganda anadya bwino. Mitambo ikatsika kwambiri ndege sizibwera, ndiye timagawana theka la chakudya, koma zimenezo zinali za nthawi ya mvula. Nabanda, ndakusungira chidutswa cha chinsalu chija. Ndi chofewa, choyera, chikwana diresi ya mwana ndi mpango wako.

Vuto ndi limodzi: mpunga. Mpunga m'mawa, mpunga madzulo, ndiwo yake nyama ya m'chitini yamchere. Kale ndinkati mpunga ndi wa pa Khirisimasi, ndinkasirira a kunyanja. Lero munthu atandipatsa mtanda umodzi wa nsima ya ufa woyera, ndi nkhwani wotendera wophika Amayi, ndikhoza kumupatsa malipiro anga a mwezi wonse ndi chipewa chomwe. Timadya, mimba imadzaza, koma ukagona umamva kuti sunadye.

Za matenda musade nkhawa, amatisamala ngati ana. Madzulo aliwonse timafola, Sajeni amaika kambulu kachikasu ka mepakirini pa lilime la munthu aliyense, n'kumuuza kuti amwe madzi, kenako ayasamule kuti aone ngati wamezadi. Ndi mankhwala oletsa malungo, owawa kwambiri, ndipo azungu asanduka achikasu nawo. Anyamata ena amanong'onezana kuti mankhwalawa amafoola munthu m'nyumba. Aphunzitsi, apa mukanadumpha, koma poti mwawerenga kale, muuzeni Nabanda kuti ndi bodza. Dzuwa likalowa timatsitsa manja a malaya ndi kupaka mafuta othamangitsa udzudzu. Misundu nayo ilipo yambiri, imalowa ngakhale pa mabowo a zingwe za nsapato. Msundu sauzula, chifukwa chilonda chake chimanyeka. Umangouyandikiza moto wa ndudu kapena kuuthira mchere, umagwa wokha. Palinso malungo ena a m'udzu wautali, obwera ndi tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso. Amenewo mepakirini sawagwira. Munthu amayamba ndi mutu ndi kachilonda kakuda, thupi n'kutentha masabata awiri. Ena amachira. Ine sindikhala pansi m'udzu, ndimakhalira chipewa changa chachitsulo, ndiye musaganize zambiri.

Mwina mufuna kudziwa mmene timagonera. Dzuwa lisanalowe timakumba maenje, anthu awiri dzenje limodzi, lofika m'chifuwa. Maenjewo amazungulira ngati khola, mabwana ndi nyulu zili pakati. Kutsogolo timazika nsungwi zosongola, n'kumanga waya wokhala ndi zitini zoikamo timiyala. Kuchokera dzenje lina kufika linzake timadutsitsa chingwe, chifukwa kukada palibe kulankhula: ukafuna kudzutsa mnzako umakoka. Palibe moto, palibe fodya, ndipo chifuwa umatsokomolera m'chipewa. Mmodzi amagona, wina akuyang'ana, kenako n'kusinthana.

Ajapani amakonda kucheza usiku. Amabwera ochepa, mwina asanu, n'kumakuwa uku ndi uku, kuwomba m'mwamba, nthawi zina kuitana m'Chingerezi ngati munthu wathu wovulala. Cholinga chawo n'choti tiwombe, kuti aone moto wa mfuti, adziwe pamene pali chiwaya chathu. Ndiye lamulo ndi lakuti usawombe kufikira utamuona munthu ndi maso. Ukatsimikiza kuti wafika pafupi, umaponya bomba lam'manja, chifukwa ilo silionetsa kumene lachokera. Umasolola kachitsulo, n'kuponya, n'kuweramira pansi, n'kuwerenga mpaka 4. Ntchito yonse ndi yomweyo: kukhala chete munthu akukuitana. Si yovuta. Usiku wina zitini zathu zinalira kamodzi kokha, kenako zii mpaka mbandakucha. Kutacha tinapeza mapazi m'matope, a nsapato zawo zija zolekanitsa chala chachikulu, atafika mapazi atatu kuchokera pa dzenje langa, n'kubwerera. Anabwera kudzandizonda koma anachita manyazi kuodira. Tinaseka kwambiri. Tiyi wanga ndinamupatsa mnzanga tsiku limenelo, sindinali ndi ludzu.

Ndikuuzeni chimene chimandithandiza kuti ndisawodzere pa ulonda. Mnyamata wa wayilesi anandifotokozera kuti dzuwa limayamba kufika kuno, kwanuko limafika patapita maola pafupifupi anayi. Chimvereni zimenezo, usiku ndimakhala ndi inu. Kuno kukamada, kwanu dzuwa langopendeka, Amayi mwabwera kumunda, mwakhala pamthunzi mukusadzula ndiwo. Kuno kukafika pakati pa usiku, nthawi imene alendo athu aja amakonda, kwanu ndi nthawi ya nsima. Ndimaona Nabanda akuomola, ndimamva mthiko ukugunda m'mbali mwa mphika, ndimawerenga mitanda m'mbale, ndimadziwa amene wayamba kusamba m'manja. Kenako ana amapita pabwalo ngati kuli mwezi, mbuzi zimatsokomola m'khola, Atsibweni mumakokera chitsa pamoto n'kufunsa amene wasiya khasu panja. Mukatseka zitseko n'kugona tulo tofa nato, kuno kwatsala pang'ono kucha. Pamenepo ndiye tonse timadzuka n'kugwira mfuti, chifukwa m'bandakucha ndi nthawi inanso yofunika kukhala maso, ndipo ndimati bola iwo agona. Choncho musamachedwe kudya madzulo. Mukachedwa mumandisokoneza.

Lero pakwana zaka zitatu chigonjereni Mataliyana ku Gondar, ku Abisiniya, pa 27 Novembala 1941. Tinakumbutsana m'mawa ndi anzanga amene tinali nawo kumeneko. Nkhondo ija tinkaiona ngati yaikulu, ndi mapiri ake ozizira aja, koma Mtaliyana zikamuvuta ankakweza manja, ndipo anatuluka zikwizikwi n'kutula mfuti. Mjapani sakweza manja. Amakumba nyumba pansi pa chitunda, denga lake mitengo ikuluikulu yosanjikiza, pamwamba dothi lochindikala, n'kubzalapo udzu. Amangosiya kazenera kopyapyala kotulutsira mfuti. Ukhoza kufika mapazi khumi osaiona. Ndiponso nyumba iliyonse ili ndi inzake imene ikuiyang'anira, moti ukati uzembere iyi kumbali, uli pamaso pa inayo. Ndiye amayamba ndi mizinga ndi ndege, chitunda chonse n'kusanduka fumbi, ife tili chigonere m'munsi tikudikira. Zikaleka timakwera. Nthawi zina timapeza atathawa usiku, atasiya mipunga yawo pamoto. Nthawi zina timawapeza.

Koma ine ntchito yanga ndi yabwino. Monga Lansi Kopolo ndimayang'anira chiwaya cha gulu lathu, chimene timachitcha buleni. Anzathu akamakwera, ife timagona pambali n'kumawomba pa kazenera kaja kuti a m'katimo asadzutse mitu. Mwaona, ndimagwira ntchito chogona. Chofunika ndi kuwomba pang'onopang'ono, zipolopolo zinayi kapena zisanu n'kupuma, chifukwa mpope ukatentha kwambiri umafunika kusintha, ndipo amene wagona pambali pako ayenera kukhala wachangu kukupatsira magazini ina. Masiku ano magazini amandinyamulira mnyamata wina wa ku Mulanje. Ndi wabwino, akuphunzira.

Amake a Binisoni, ndikudziwa kuti muli pomwepo ndipo mukudikira. Moni wanu ndinamupatsa kalata ija itafika, ndipo anakondwa, anandiuza kuti ndiwerengenso kachiwiri pamene panali dzina lake. Masiku ano sitili dzenje limodzi. Za kumene msilikali aliyense ali, amene amanena ndi a Boma kudzera kwa amfumu, ife satilola. Chimene ndinganene n'chakuti mwana wanu sanachititsepo manyazi mudzi wathu, ndipo mabwana onse amamudziwa dzina. Supuni yake ndi kampeni kake zili ndi ine, ndikusunga bwino. Achimwene ndi alongo anga, chaka chino mukamaliza kupalira kwathu mukathandize munda wa mayi amenewa. Musadikire kuti achite kupempha.

Tsopano ndiuzeni za kwathu, chifukwa za kuno zatha. Mvula yoyamba yagwa? Kuno yaleka pamene kwanu ikuyamba, ndiye ndimati mwina ndi yomweyi yanyamuka kubwera kwanuko. Ikafika muilandire, yandidziwa. Ndikulakalaka fungo lija la dothi likangonyowa koyamba, ana akuthamanga ndi zitini kukatchera ngumbi kuchulu. Kuno mvula siinunkhira kanthu, nthaka yake siinaumepo. Masuku apsa m'phiri? Nthawi ngati ino ine ndi anzanga tinkasiya mbuzi zikulowa m'munda wa eni, ife tili m'mitengo, madzulo n'kukalandira chikwapu mimba zili tantha. Linthipe wayamba kufiira? Kodi mtengo wa mango wa kuseri kwa nkhokwe wabereka, kapena ana athothola zosapsa ngati kale? Mundiuze ngati mbewu ya chimanga chamakolo ija inasungika bwino kudenga, ndiponso ngati nthochi zimene ndinabzala kudimba zinagwira. Mundiuze amene wakwatira, amene wabereka, amene wakangana ndi mnzake chifukwa cha malire. Musasankhe nkhani zazikulu zokha. Ngakhale nkhuku itaswa anapiye, lembani kuti ndi angati ndipo amawanga ndi angati.

Lamulungu lapitali abusa a asilikali anachititsa mapemphero pansi pa mitengo. Tinaimba motsitsa mawu. Ndinakumbuka mmene tinkayendera ulendo wa ku Nkhoma pa nthawi ya mgonero, Amayi mutasenza ufa, ine ndili ndi nkhuku m'khwapa, phiri likuoneka pafupi koma osafika. Usiku womwewo mizinga inkagunda kutali kum'mawa, ndipo m'tulo ndinayesa ng'oma za kudambwe kutsidya kwa mtsinje. Ndinadzuka ndikumwetulira.

Nabanda, nyumba yathu aifolera? Uwauze apongozi kuti mkamwini wawo sanathawe ntchito, adzabweza zaka zonsezi ndi khasu. Ndapereka moni kwa iwo ndi maondo awiri. Esinati ndinamusiya akukwawa, ndipo mwalemba kuti tsopano amapita kumadzi ndi kamtsuko kake. Ndimayesa kumuona m'maganizo koma amangobwera wokwawa yemwe uja. Ndiye chita ichi: umuimike pakhoma, umuyeze ndi ulusi kuyambira kuphazi mpaka pamutu, udule, uike ulusiwo m'kalata. Sulemera, a positi sadzadandaula. Ndikufuna ndidziwe pamene akundilekeza. Uzimuuza kuti ali ndi bambo, ndipo dzina langa azilitchula, kuti tsiku lobwera asadzathawire kuseri kwa nkhokwe.

Ndalama zimene ndinalembetsa kuti muzilandira kwa Bwana Disii ku Dedza zikufika? Mukapita muzitenga pepala lija lili ndi nambala yanga, ndipo muzipita awiri. Nambalayo muisunge pouma, m'chitini, osati kudenga kumene kuli chiswe. Ndi yomweyo imene ili pa timabatani tiwiri timene ndimavala m'khosi, kena kofiira, kena kobiriwira, tolembedwa dzina ndi mpingo. Aliyense ali nato, ngakhale mabwana. N'toti munthu asasochere.

Kutsogolo kwathu kuli mtsinje waukulu, Chindwin. Sindinauone, koma amene anafikako akuti munthu wa tsidya lina amaoneka ngati kamwana. Njira yopita kumeneko imadutsa pampata wa mapiri, m'mbali mwa mtsinje wina wotchedwa Myittha, ndipo anzathu ali kale m'menemo akutsegula. Tauni ya pa doko ndi Kalewa. Akuti tikawoloka n'kugwira tsidya linalo, ntchito yathu yatha, abwera ena kudzapitiriza, ife tikapuma ku India. Tidzawoloka pa mabwato, mwina usiku. Ine sindikuda nkhawa. Paja kusambira ndinaphunzirira mu Linthipe mwezi wa Okutobala, madzi ali m'chiuno, ndiye ndine katswiri. Anyamata akuti tikafika tsidya tidzagula nkhuku kwa anthu a kuno, tidzaphike tokha ndi tsabola.

Kalatayi idzayenda pang'onopang'ono, chifukwa waitenga akayamba wagona m'chipatala. Mwina idzakupezani mukudya dowe. Pofika nthawi imeneyo zonse ndalembazi zidzakhala zakale, mtsinje tidzakhala titawoloka, ndiye palibe chifukwa choti wina asowe nazo tulo. Mukaona kuti papita nthawi osalandira ina, dziwani kuti ndi mapepala asowa. Amayi, musamapite kukaombeza chifukwa cha maloto. Maloto a nthawi ya njala ndi mimba chabe.

Moni kwa amfumu ndi nduna zawo, kwa azakhali, kwa alamu anga onse, kwa akulu a mpingo, ndi kwa ana onse amene ndikuwadziwa ndi amene abadwa ine kulibe. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.

Ndine mwana wanu,
Yohane

Aphunzitsi, mawu ali m'munsiwa musawerenge pabwalo. Anthu akabalalika muwawerengere Atsibweni okha.

Atsibweni, izi ndi zongokonzeratu, monga munthu amafolera nyumba kunja kuli dzuwa. Mbuzi zanga zisanu zija, ziwiri ndi za Amayi, zitatu ndi za Esinati, ndipo imodzi mwa zitatuzo idzagulitsidwe akadzafika poyamba sukulu. Ndikufuna adzadziwe kuwerenga yekha kalata. Kwa Mmwenye wa sitolo ndinasiya ngongole ya mashiling'i 3 a bulangeti, mubweze pa ndalama za kwa Disii. Njinga ikhale ya mng'ono wanga, koma azikutengani popita ku Boma. Kukabwera mesenjala ndi pepala la amake a Binisoni, musalole kuti awapatsire panjira kapena kumunda. Apite kaye kwa amfumu, ndipo inu mukhalepo. Mudzawauze kuti sanavutike nthawi yaitali, kuti sanali yekha, ndipo malo ake ndinaikapo chizindikiro. Mesenjala akadzabweranso kachiwiri, Nabanda musadzamusunge nthawi yaitali. Mwambo ukatha mudzamumasule msanga, akadali mwana.

Inu munasenza katundu wa azungu pa nkhondo ya Chiwaya, munapita anthu ambiri m'mudzi mwathu n'kubwera ochepa. Zaka zonsezi, tikakufunsani, munkangotiuza za nyama ya njovu imene munadya panjira ndi za mzungu amene anagwa pa bulu. Ndili mwana ndinkadabwa kuti nkhondo yonse ija munaonako zoseketsa zokhazokha. Ndikabwera tidzakhale awiri kudimba, mudzandiuze zinazo, nanenso ndidzakuuzani zanga.